Kalata yomwe inasiya kugwada

Mphwanga analemba kalata yofunsira ukalaliki wa pasikelo ku kopaletivi ina ya alimi a mtedza pa Kamwendo, ku Mchinji. Kalatayo inali yogwada kuyambira pamutu mpaka posainira. Imvani chiyambi chake: "Ine wosayenera, modzichepetsa kwambiri ndikugwa pamapazi anu olemekezeka, kupempha kuti mtima wanu wachifundo undiganizire pa ntchito iliyonse imene ingapezeke." Ndime yachiwiri inali ya kukwera mtengo kwa feteleza ndi mavuto a pakhomo. Za sikelo munalibe ndi liwu limodzi lomwe.

Ndinamuuza kuti aiwerenge mokweza. Asanafike pakati, tonse tinali titafa nalo phwete. "Achimwene, amene akuyankhula umuyu si ine," anatero akupukuta misozi. Muyeso wake ndi womwewo: chiganizo chimene sungachinene pamaso pa manijala osachita manyazi, chichotse.

Tinayamba ndi mawu akuti "ntchito iliyonse". Wolemba ntchito akawaona amadziwa kuti kalata yomweyo yapitanso kuchipatala, kusukulu ndi kuchipata cha Mwami. M'malo mwake tinatchula ntchitoyo ndi pomwe anaona chidziwitso chake.

Kenako ndinamufunsa kuti, "Iwe, kupatula kugwada, umatha chiyani?" Apa ndiye zinatuluka! Wakhala akuthandiza amalume athu kugula mtedza ndi soya. Amayesa sikelo ndi mwala wa kulemera kodziwika asanayambe kugula. Mtedza wosauma bwino amaudziwa poutafuna, ndipo wachuku amaubweza. Alimi ochokera mbali ya Chipata akatchula mtengo, amawerengera kwacha ya Zambia ndi ya Malawi pamtima. Zonsezi anazisiya poganiza kuti si za m'kalata.

Kalata yatsopano inati: "Ndikufunsira ntchito ya kalaliki wa pasikelo imene mwalengeza pa bolodi la ofesi yanu. Ndili ndi satifiketi ya MSCE, ndipo ndagwirapo ntchito yogula mtedza ndi soya pamsika wa Kamwendo, kuyeza matumba a makilogalamu 50 ndi kulemba malisiti. Ndimatha kusiyanitsa mtedza wouma ndi wachinyezi, ndipo madzulo kaundula wanga amagwirizana ndi ndalama zotsala. Ndingakondwe kubwera kudzakuonetsani pasikelo panu."

Ulemu sitinautaye ayi. Adiresi, deti, mutu wa kalata, malonje kwa bwana ndi mawu otsanzikira zonse zinakhala m'malo mwake, ndipo sitinawonjezere luso limene alibe, poti bodza la pasikelo limagwidwa tsiku loyamba. Chinachoka ndi kupemphetsa kokha, ndipo masamba awiri anasanduka theka la tsamba.

Atamuitana kukayesedwa, manijala sanafunse za feteleza. Analoza thumba la mtedza nati, "Tayezani tione." Mnyamata anayamba wayesa kaye sikeloyo, ndipo pano ndiye kalaliki wawo.

Inu amene muli ndi kalata m'chikwama, iwerengeni mokweza musanaiike mu envulopu. Mukaseka, ilembeninso.