Chepetsani Kaye Chithunzi, Kufinya Kubwere Pambuyo

Mayi wina wogulitsa zitenje akufuna kuika zithunzi 12 za katundu wake pa tsamba la pa intaneti. Wajambula ndi foni, ndipo chithunzi chilichonse chatuluka cholemera pafupifupi 4 MB. Zonse pamodzi ndi 48 MB. Kasitomala wa ku Ntcheu amene wagula kabandulo kochepa, pamalo pomwe netiweki imachita kugwira mokakamiza, sangadikire kuti zonsezo zitseguke. Amangotseka n'kupita kwina.

Ambiri akauzidwa kuti zithunzi zalemera amathamangira kuzifinya kwambiri, mpaka maluwa a pachitenje kuoneka mwachimbuuzi. Kumeneko n'kuyambira kumchira. Cholemeretsa chachikulu ndi kukula kwa chithunzicho.

Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Foni zambiri zimajambula mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, kutanthauza timadontho 12 miliyoni. Komatu pa tsamba, chitenjecho chidzaonekera pamalo a mapikiselo mwina 600 okha. Popeza masikirini a mafoni amakono amathithikana timadontho, ndi bwino kuwirikiza kawiri muyeso umenewu, kufika pa 1200. Chithunzi cha 1200 ndi 900 chili ndi timadontho topitirira pang'ono 1 miliyoni. Mwataya magawo khumi mwa magawo khumi ndi limodzi, koma diso la wogula silingaone kuti pachoka kanthu. Ndipo musanachepetse, dulani m'mbali: khoma, ndowa ndi mwendo wa mpando sizikugulitsidwa.

Mukatero ndiye finyani. Mtundu wa fayilo wa JPEG, womwe unakhazikitsidwa mu 1992, umagawa chithunzi m'timabokosi ta madontho 8 ndi 8, n'kutaya tinthu ting'onoting'ono tomwe maso savutika nato. Pulogalamu imakufunsani nambala ya Quality, yofika mpaka 100. Yambirani pa 80. Kukwera kupitirira 90 kumanenepetsa fayilo popanda phindu looneka, pomwe mukatsikira cha ku 50 timabokosi tija timayamba kuonekera. Pa 1200 ndi 80, chitenje cha mayi uja chingalemere cha m'ma 250 KB, ndipo zonse 12 n'kukhala pafupifupi 3 MB.

Chida chaulere cha Squoosh chimachepetsa ndi kufinya zithunzi, ndipo ubwino wake ndi woti chimaonetsa chithunzi chakale ndi chatsopano pambali ndi pambali. Pamenepo musayang'ane chithunzi chonse ayi. Yang'anitsitsani m'mphepete mwa zilembo ndi mizere, ngati mwazungulira tizinyalala tonga udzudzu. Yang'ananinso posalala monga thambo kapena tsaya la munthu, ngati payamba kuoneka mikwingwirima. Mtundu wofiira ndiwo umafulumira kuyenderera, chifukwa JPEG nthawi zambiri imasunga mitundu mosasamala kwenikweni poyerekeza ndi kuwala. Mukaona zimenezi, kwezani nambala ndi 5 n'kuyesanso.

Ozolowera kompyuta angagwiritse ntchito ImageMagick:

```
magick chitenje.jpg -auto-orient -resize 1200x -strip -quality 80 chopepuka.jpg
```

Mawu akuti `-strip` amachotsa zobisika m'fayilo, kuphatikizapo malo amene munajambulira ngati foni inasunga. `-auto-orient` ayenera kutsogola, apo ayi chithunzi chojambulidwa choimirira chingatuluke chogona cham'mbali.

Kusankha kwa chithunzi nakonso kuli ndi mbali yake. Chojambulidwa madzulo m'nyumba ya mdima chimadzaza timchenga, ndipo timchengato timadya malo ngati kuti ndi zokongoletsa zenizeni. Udzu, masamba ndi miyala ya kumbuyo zimachitanso chimodzimodzi. Chitenje choyalidwa pansalu yoyera pakhonde, kunja kukuwala, chimapepuka mosavuta ndipo chimaoneka bwino. Chimene chinagwedezeka pojambula ingochisiyani, palibe pulogalamu yofinya imene ingachiwongole.

Mtundu wa WebP, womwe Google inatulutsa mu 2010, kawirikawiri umaposa JPEG kupepuka, ndipo mafoni amasiku ano amautsegula. PNG isungireni chizindikiro cha bizinesi kapena mndandanda wa mitengo, zinthu za zilembo ndi mitundu yowerengeka. Mukasungiramo chithunzi cha kamera, fayilo imatupa kangapo.

Pali msampha umodzi umene umakola anthu ambiri kuno kwathu. Mwana wajambula, watumizira mayi ake pa WhatsApp, iwonso atumizira wokonza tsamba. WhatsApp imachepetsa ndi kufinya chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi, ndiye wokonza uja akachifinyanso, zilema zimasanjikizana, ndipo chotayika sichibwerera. Tumizani ngati Document kuti chifike chathunthu. Choyambiriracho chisungeni padera osachikhudza, ndipo nthawi iliyonse mukafuna muyeso wina, yambirani pa icho.