Chilengezo chimodzi cha malonda pa Instagram, LinkedIn ndi X

Kampani ikatulutsa katundu watsopano imakhala ndi mfundo zochepa zoti anthu adziwe: katunduyo ndi chiyani, akusiyana bwanji ndi wakale, mtengo wake, kumene apezeke ndi tsiku limene ayambe kugulitsidwa. Mfundo zimenezi sizisintha ngakhale uthengawo utumizidwe pa masamba angati a mchezo. Zimene zimasintha ndi mfundo yoyambira, kutalika kwa uthenga ndi kalankhulidwe. Kusinthaku kumachokera pa zinthu ziwiri, malire amene tsamba lililonse linaika ndi zimene munthu amakhala akufuna pamene walitsegula.

Malirewo ndi odziwika. Instagram, imene inayamba mu 2010, imalola mawu a pansi pa chithunzi kufika zilembo 2,200, koma woyendayenda pa tsambalo amangoona mizere yoyamba yokha, zilembo pafupifupi 125, ndipo zotsalazo zimabisika mpaka atadina pa `more`. LinkedIn, ya 2003, imene kampani ya Microsoft inagula mu 2016, imalola zilembo 3,000, nayonso n'kudula uthenga pambuyo pa mizere iwiri kapena itatu. X, imene inkatchedwa Twitter mpaka 2023, imapatsa wosalipira zilembo 280. Poyamba zinali 140 zokha, ndipo anaziwonjezera mu 2017. Pa masamba onsewa mipata ya pakati pa mawu ndi zizindikiro zopumira zimawerengedwanso ngati zilembo. Choncho ngakhale pamene malo ali ambiri, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mzere woyamba.

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse bwino mmene zimakhalira. Kampani ina yaing'ono ya ku Lilongwe imapanga chiponde ndi mtedza wogula kwa alimi a ku Mchinji. Kale inkagulitsa m'timabotolo ta magalamu 250, tsopano yatulutsa botolo la magalamu 500, la chiponde chosathira shuga, pa mtengo wa K6,500. Chiyamba kupezeka ku Lilongwe ndi ku Blantyre Lolemba pa 2 Juni, ndipo chili ndi chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards. Wolemba asanatsegule tsamba lililonse amayamba walemba mfundo zimenezi papepala limodzi, ndipo woyang'anira malonda amatsimikiza manambalawo. Mauthenga atatu onse amachokera pa pepala limeneli. Sakopedwa wina kuchokera kwa unzake, chifukwa cholakwa cha mu uthenga woyamba chingafalikire konse.

Pa Instagram chithunzi ndicho chimayamba kuyankhula. Munthu amakhala akutsetsereka ndi chala pa foni, ndipo amaima chifukwa cha zimene waona, mawu n'kubwera pambuyo. Kampani ya chiponde ija ingaike botolo lotsekula pambali pa buledi wopakidwa kale, mojambula pafupi kuti kukhuthala kwa chipondecho kuoneke. Popeza chithunzi chasonyeza kale maonekedwe, mawu sayenera kubwerezanso zimenezo. Mzere woyamba umatenga nkhani ndi mtengo: "Chiponde chosathira shuga chafika m'botolo lalikulu la magalamu 500, pa K6,500 yokha." Mzerewu uli pansi pa zilembo 125, kotero uwerengedwa wonse ngakhale ndi munthu amene sadina chilichonse. M'munsi mwake mungabwere ziganizo zingapo zomasuka: "Pakani pa buledi, thirani m'phala la ana kapena mu ndiwo zamasamba. Kuyambira Lolemba pa 2 Juni muchipeza ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kwanu mumachidya ndi chiyani?" Funso lomalizali ndi loyenera kuno chifukwa anthu amabwera kudzacheza.

Pali msampha umodzi umene umakola ambiri pa Instagram. Linki yolembedwa m'mawu a pansi pa chithunzi sidinika. Imangokhala ngati mawu wamba, ndipo ndi anthu ochepa amene angavutike kuilemba okha chilembo ndi chilembo. Ndiye chifukwa chake amalonda amaika linkiyo pa `bio` ya tsamba lawo n'kuuza owerenga kuti akaipeze kumeneko, kapena amaimata pa `Stories`, pamene imadinika koma uthengawo umachoka pakatha maola 24. Kwa kampani yaing'ono imene ogula ake amaitanitsa katundu pa WhatsApp n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, kunena njira yoitanitsira momveka kumathandiza kuposa linki ina iliyonse. Mahashitagi ochepa okhudzadi chiponde ndi mzindawo amaikidwa kumapeto. Mulu wa mahashitagi osagwirizana ndi nkhani umangoipitsa uthenga.

Kumasuka kwa kalankhulidwe sikutanthauza kuchotsa ulemu. M'Chichewa wogula amakhalabe "inu" pa masamba onse atatu. Kampani yolemba kuti "gula lero" pofuna kumveka yachinyamata imamveka yamwano kwa mayi amene akugulira banja lake, pamene "gulani lero" sikhumudwitsa aliyense. Kumasukako kumaonekera m'ziganizo zazifupi, m'mawu a kukhitchini ndi m'tizithunzi ta nkhope tiwiri kapena titatu.

LinkedIn ndi pamene chilengezo chimasintha kwambiri, chifukwa owerenga ake ndi ena. Kumeneko kuli oyang'anira zogula m'masitolo akuluakulu, eni mahotela, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'mabungwe a zaulimi, komanso ofuna ntchito. Anthuwa sakufunsa ngati chiponde chikukoma pa buledi. Akufunsa ngati kampaniyo ingadaliridwe kupereka makatoni mwezi ndi mwezi, kumene mtedza ukuchokera, ndiponso ngati unayezedwa. Pa malonda a mtedza funso lomalizali ndi lalikulu, chifukwa mtedza wosaumitsidwa kapena wosasungidwa bwino umagwidwa chuku chimene chimatulutsa poizoni woopsa ku chiwindi. Chiphaso cha bungwe la miyezo, chimene pa Instagram chingatchulidwe mongodutsa, pano chimakwera pamwamba.

Uthengawo ungayambe motere: "Kuyambira pa 2 Juni kampani yathu iyamba kugulitsa chiponde chosathira shuga m'mabotolo a magalamu 500, chovomerezedwa ndi Malawi Bureau of Standards." Ndime yachiwiri imafotokoza chifukwa chake: mabanja aakulu ndi malo odyera ankadandaula kuti kabotolo ka magalamu 250 sikachedwa kutha. Yachitatu imanena za alimi a ku Mchinji ndi mmene mtedza umasankhidwira usanapite ku chigayo. Yomaliza imaitana eni masitolo ndi oyendetsa malonda a pikulitsa kuti alumikizane ndi ofesi ya zamalonda. Mtengo wa K6,500 umatchulidwa monga mtengo wogulitsira pasitolo, chifukwa wogula makatoni adzafuna kukambirana wake. Zonsezi zingakwane m'ndime zinayi zazifupi, pansi pa theka la zilembo 3,000 zija, ndipo palibe chifukwa chodzazira malo onse.

Chimene chimawononga mauthenga ambiri a pa LinkedIn ndi kuyamba ndi mwambo. Mizere yoonekera imathera pa mawu onga "ndife onyadira ndi okondwa kukudziwitsani", ndipo uthenga umadulidwa katundu asanatchulidwe n'komwe. Ulemu wa muofesi umaonekera m'ziganizo zathunthu, m'manambala olondola ndi m'kupewa kudzitama. Kukometsa mawu oyambira sikuwonjezerapo kanthu. Makampani ambiri a ku Malawi amalemba mu Chingerezi pa tsambali, koma dongosolo la mfundo limakhala lomwelo, alembe m'chinenero chilichonse.

Pa X ntchito ndi yodula. Uthenga umodzi umanyamula nkhani imodzi, ndipo uyenera kumveka pawokha chifukwa anthu amautumiza kwa ena popanda china chilichonse chouperekeza. Wa chiponde ungakhale wotere: "Chiponde chathu chosathira shuga tsopano chili m'botolo la magalamu 500, mtengo K6,500. Chipezeka ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuyambira Lolemba pa 2 Juni." Zimenezi ndi zilembo 154. Linki pa X imadinika, ndipo kaya ndi yaitali kaya yaifupi imawerengedwa ngati zilembo 23, kotero pamodzi ndi mpata woilekanitsa uthengawu umafika pa 178. Kachithunzi ka nkhope kalikonse kamadya zilembo ziwiri. Malo otsalawo angasiyidwe. Nkhani ya alimi ndi ya chiphaso, ikafunika, imalembedwa mu uthenga wachiwiri wolumikizidwa pansi pa woyambawo.

Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo wolemba akapanikizika amayamba kudula zilembo monga amachitira polembera mnzake pa foni. Kampani siyenera kutero. Ndi bwino kuchotsa mfundo yathunthu yosafunika kwambiri kusiyana ndi kupundula mawu onse. Kalankhulidwe ka pa X kali pakati pa masamba awiri aja: kachindunji ngati mutu wa nkhani, kololeza nthabwala pang'ono, koma kosamala, chifukwa anthu a kumeneko amayankha msanga ndipo sanyengerera. Mawu okokomeza onga "chiponde chabwino koposa m'dziko muno" amaitana anthu kuti atchule mayina a makampani ena pansi pa chilengezo chomwecho.

Mawu onena nthawi amafuna kusamala pa masamba onse atatu. Uthenga wolembedwa kuti "mawa" umasocheretsa munthu amene wauona patapita masiku atatu, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri popeza masambawa saonetsa mauthenga motsatira nthawi yokha imene anatumizidwa. Tsiku ndi mwezi zimathetsa vutolo.

Kukonza cholakwa kumasiyananso. Instagram ndi LinkedIn zimalola kusintha mawu uthenga utatuluka kale, koma pa Instagram chithunzi sichingalowetsedwe m'malo ndi china. Ngati wojambula analemba K5,600 pa chithunzi m'malo mwa K6,500, njira ndi kufufuta uthenga wonse n'kuyambiranso. Pa X kusintha mawu ndi mwayi wa olipira okha, ndipo ena onse amafufuta n'kulembanso, pamene mwina wina wajambula kale mtengo wolakwikawo n'kuufalitsa pa WhatsApp. Ndiye mauthenga atatuwo amayalidwa pamodzi asanatumizidwe, munthu wachiwiri n'kuyerekeza mtengo, kulemera, tsiku ndi mizinda ndi zimene zili pa pepala loyamba lija. Amawaonanso pa foni, osati pa kompyuta pokha, kuti adziwe pamene mzere woyamba ukudukira.

Mayankho a owerenga amaulula msanga pamene palakwika. Anthu ambiri akamafunsa kuti "zingati?" kapena "muli pati?" pa Instagram, ndiye kuti mtengo kapena malo zabisika kuseri kwa `more`. Pa LinkedIn uthenga ungakondedwe ndi anzawo a ogwira ntchito pakampanipo koma osabweretsa funso ndi limodzi lomwe la mwini sitolo, ndipo nthawi zambiri chimakhala chikusowa ndi chiganizo chonena munthu kapena ofesi yolankhula nayo. Pa X chizindikiro chake ndi uthenga wothera pakati pa chiganizo, kapena wonena za `bio` pamene linki ikanaikidwa pomwepo, zimene zimasonyeza kuti unangokopedwa kuchokera pa Instagram osaukonza.