Kugulitsa kaunjika pa foni: tepi ya telala ichepetsa mikangano

Malonda a kaunjika, omwe kwa zaka zambiri akhala akuchitikira pansi m'misika monga wa Limbe mumzinda wa Blantyre ndi wa Tsoka ku Lilongwe, tsopano akuchitikiranso pa WhatsApp ndi Facebook, pomwe wogula amasankha chovala pa chithunzi, kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kenaka n'kukadikira katundu wake pa siteji ya minibasi.

Kumsika wogula amachigwira chovalacho, kuchitembenuza ndi kuchiyesa. Pa foni zonsezi palibe, kotero ntchito imene manja ndi maso a wogula akadagwira imagwera wogulitsa. Mikangano yambiri pa malondawa imabuka pamene wogulitsa waizemba ntchitoyi n'kungokopera nambala yolembedwa pa kolala.

Nambala ya pa kolala siyodalirika chifukwa mabelo amachokera m'maiko osiyanasiyana ndipo maikowo amawerenga saizi mosiyana. Jekete ya suti ya abambo imene ku Britain ndi ku America amailemba 40, m'maiko monga Germany ndi Italy imalembedwa 50. Diresi la saizi 12 ku Britain limafanana ndi la 8 ku America. Malaya olembedwa L opangidwira msika wa ku China kawirikawiri amakhala aang'ono kuposa a L a ku Ulaya. Kuwonjezera apo, chovala cha kaunjika chinavalidwapo ndi kuchapidwa kambirimbiri. China chinafupika, china chinatamuka, ndipo china mwini wake woyamba anakachibweza kwa telala koma chizindikiro cha pa kolala chinatsala chomwecho.

Njira yodalirika ndiyo kuyeza chovalacho ndi tepi ya telala. Mwachitsanzo, mayi wochita malonda ku Limbe ali ndi jekete ya suti yolembedwa 50, ndipo amene akuifuna ndi mkulu wina wogwira ntchito m'boma ku Mangochi. Mayiyo amanga mabatani, n'kuyala jeketeyo patebulo mosaikoka. Ayeza kuchokera m'khwapa kufika m'khwapa linzake n'kupeza mainchesi 22. Phewa ndi phewa cha kumsana, 18. Kuchokera pa msoko wa phewa kufika kumapeto kwa mkono, 25. Ndi kuchokera pansi pa kolala kufika m'munsi, 30.

Pa nambala yoyambayo ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mainchesi 22 ndi a mbali imodzi yokha, choncho jeketeyo kuzungulira kwake ndi 44. Izi sizikutanthauza kuti ndi ya munthu wa chifuwa cha 44, pakuti jekete imasokedwa ndi mpata wa mainchesi pafupifupi anayi kuti munthu avale malaya m'kati ndi kutambasula manja. Imeneyi ikwana munthu wa chifuwa cha 40. N'chifukwa chake ndi bwino kuti wogulayo asadziyeze thupi, koma atenge jekete yake imene imamukhala bwino, aiyale chimodzimodzi, ayeze malo anayi omwewo n'kufananitsa. Mkono ukatalika ndi inchi imodzi telala atha kukonza, koma mapewa akachepa palibe chochita.

Tepi ya telala imakhala ndi mainchesi mbali imodzi ndi masentimita mbali inayo, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Wogulitsa ayenera kulemba mbali imene wawerenga, chifukwa mainchesi 22 ndi masentimita 56, ndipo nambala yopanda dzina yasocheretsa ambiri. Kujambula tepiyo ili pa chovala kumathetsa kukayika konse.

Pa za mmene chovala chilili, mawu akuti "chabwinobwino" kapena "ngati chatsopano" sauza wogula kanthu. Wogulitsa asanajambule ayenera kuyang'ana malo amene chovala chimayambira kutha: m'mphepete mwa kolala, m'khwapa, m'zigongono, m'matumba, ndi nsalu ya m'kati. Kukweza chovala pa kuwala kwa pawindo kumaonetsa timabowo ta njenjete ndi malo amene nsalu yathetheka. Zipi aitsegule ndi kuitseka, mabatani awawerenge. Fungo la utsi wa fodya kapena la nkhungu silioneka pa chithunzi, kotero ngati latsalira pambuyo pochapa liyenera kutchulidwa.

Pa jekete ya ku Limbe ija, mayiyo wapeza kuti nsalu ya m'kati yasosoka pa msoko wa m'khwapa lamanja ndipo batani limodzi la pa mkono wamanzere linathothoka. Pansi pa zithunzi alemba kuti ndi jekete ya abambo yabuluu wodera, ya mabatani awiri, atchula miyeso inayi ija m'mainchesi, kenaka zilema ziwirizo ndi malo ake, mtengo, ndiponso kuti ndalama ya minibasi ndi yapadera. Chilema chilichonse chikhala ndi chithunzi chakechake chapafupi, chala chikuloza pamalopo.

Mtundu uyenera kulembedwa m'mawu chifukwa foni imanama. Jekete yabuluu wodera ikajambulidwa m'nyumba usiku imaoneka yakuda, ndipo amene amafuna yakuda yoti avale pa buluku lake laku ofesi adzaibweza. Chithunzi chabwino chimajambulidwa masana pamthunzi, chosakongoletsedwa. Mchitidwe wotenga chithunzi cha chovala chatsopano pa intaneti n'kuchiika m'malo mwa chenichenicho ndi kunamiza wogula, zomwe lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa, ndipo madandaulo otere amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Gawo lovuta kwambiri ndi la ulendo. Minibasi ndi yonyamula anthu, ndipo phukusi limayenda pa chikhulupiriro chabe, popanda lisiti. Wogulitsa apinde jeketeyo, aikulunge m'majumbo awiri ndi kumata selotepi, pakuti phukusi litha kuikidwa pansi pa mpando pamodzi ndi matumba a makala kapena zigubu za mafuta. Pamwamba alembe dzina la wolandira, nambala yake ya foni ndi siteji yotsikira.

Popereka phukusi ku depoti ya Limbe, mayiyo alemba nambala ya galimoto, atenga nambala za foni za dalaivala ndi kondakitala, n'kuimba pomwepo kuti amve foni ikulira. Zonsezi atumiza kwa wogula. Nthawi yoti amuuze ndi imene minibasi yanyamukadi, osati imene waperekera phukusi, poti minibasi siichoka isanadzaze.

Funso lofunika kufunsa kondakitala ndi lakuti galimotoyo ikafikadi ku Mangochi kapena ayi. Okwera akachepa panjira, minibasi imatha kuwasamutsira m'galimoto ina pa Zomba kapena pa Liwonde n'kubwerera, ndipo phukusi lopanda mwini ndi limene limaiwalika kapena kulowa m'galimoto imene nambala yake palibe akuidziwa. Wogulitsa agwirizane ndi kondakitala kuti zikatero amuimbire ndi kumupatsa nambala ya kondakitala winayo. Ena amapereka theka la ndalama ya phukusi ponyamuka, theka linalo wolandira amalipira katundu akafika m'manja mwake.

Asanatumize, awiriwo agwirizane m'mauthenga olembedwa za amene aluze phukusi likasowa, komanso za masiku amene wogula angabwezere chovala ngati chili ndi chilema chimene sichinatchulidwe. Katundu wodula, monga suti yathunthu, ndi bwino kumutumiza kudzera ku makampani onyamula maphukusi omwe ali ndi chiphaso cha bungwe la MACRA, chifukwa kumeneko wotumiza amalandira lisiti yokhala ndi nambala yolondolera phukusilo.