Fodya ndi khansa ya m'mapapo: tiwerengere RR kapena OR?

Pa mafunso okhudza kafalidwe ka matenda pali msampha umene umakola ngakhale ophunzira odziwa masamu. Funso limapereka tebulo la manambala anayi n'kunena kuti tipeze kukula kwa chiopsezo. Ambiri amathamangira kuwerengera reletivu risiki, imene imalembedwa mwachidule kuti RR, pomwe tebulolo likungolola odzi reshiyo, imene imalembedwa kuti OR. Tiyeni tione kusiyana kwake pogwiritsa ntchito kafukufuku amene anachitikadi.

M'chaka cha 1950, akatswiri awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya British Medical Journal. Iwo anafunsa odwala m'zipatala 20 za mu mzinda wa London. Kumbali ya amuna anapeza anthu 649 odwala khansa ya m'mapapo, ndipo anasankha amuna ena 649 a misinkhu yofanana amene anagonekedwa ndi matenda ena osakhala khansa. Aliyense anamufunsa za mbiri yake ya fodya. Munthu ankamuwerengera m'gulu la osuta ngati anasutapo ndudu imodzi pa tsiku kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo.

Kafukufuku wa mtundu umenewu amatchedwa kesi-kontirolo. Amayambira pa matenda n'kubwerera m'mbuyo kukafufuza chimene anthuwo anakumana nacho. Odwala matenda amene tikufufuzawo ndiwo makesi, ndipo owayerekezera nawo ndiwo makontirolo. Zimene anapeza ndi izi:

Osuta: makesi 647 (a), makontirolo 622 (b)
Osasuta: makesi 2 (c), makontirolo 27 (d)

Wophunzira wapuma amayamba chonchi. Osuta onse alipo 1,269, ndipo mwa iwo 647 ali ndi khansa, ndiye kuti anthu 51 mwa 100 aliwonse. Osasuta alipo 29, ndipo a khansa ndi awiri, ndiye kuti pafupifupi 7 mwa 100 aliwonse. Akagawa manambala awiriwa amapeza 7.4, n'kulemba kuti imeneyi ndiyo RR. Masamuwo sanalakwe, koma yankho ndi lolakwa.

Chizindikiro choyamba chakuti zinthu zasokonekera ndi 51 ujayo. Sizoona kuti theka la amuna osuta a ku London linali ndi khansa ya m'mapapo. Theka la anthu a m'tebulomu ndi odwala khansa chifukwa ofufuzawo anachita kusankha kontirolo mmodzi pa kesi iliyonse. Tiyerekeze kuti akanatenga makontirolo khumi pa kesi iliyonse, osuta mofanana ndi oyamba aja. Bwenzi tili ndi makontirolo osuta 6,220 ndi osasuta 270. Tikawerengera monga muja, 647 mwa 6,867 poyerekeza ndi 2 mwa 272, yankho limatuluka 12.8. Fodya ndi yemweyo, matenda ndi omwewo, koma yankho lasintha chifukwa chongowonjezera makontirolo. Nambala imene imatsata zofuna za wofufuza siyingatiuze chiopsezo chenicheni.

Apa m'pamene odzi amagwirira ntchito. Chiopsezo chimayerekeza amene adwala ndi gulu lonse, pomwe odzi amayerekeza amene chinthu chawachitikira ndi amene sichinawachitikire. Ngati mwa anthu khumi awiri adwala, chiopsezo ndi 2/10 koma odzi ndi 2/8. M'tebulo lathu timafunsa funso limene kafukufukuyu angathe kuyankha: kodi kusuta kunali kochuluka bwanji m'gulu lililonse? Pakati pa makesi, odzi a kusuta ndi 647/2, kutanthauza 323.5. Pakati pa makontirolo ndi 622/27, pafupifupi 23. Tikagawa 323.5 ndi 23 timapeza 14. Njira yachidule ndi kuchulukitsa mopingasa:

OR = (a × d) / (b × c) = (647 × 27) / (622 × 2) = 14.0

Tsopano yesani ndi makontirolo ochuluka aja. Mukaika 6,220 ndi 270 m'malo mwa 622 ndi 27, khumi wa pamwamba amafafanizana ndi khumi wa pansi, ndipo OR imakhalabe 14. N'chifukwa chake timati OR ndiyo muyeso woyenera wa kafukufuku wa kesi-kontirolo.

Polemba tanthauzo lake tisamale mawu. Tinene kuti odzi a kusuta pakati pa odwala khansa ya m'mapapo anali ochuluka nthawi 14 kuposa pakati pa makontirolo. Tisanene kuti osuta 14 mwa 100 aliwonse amadwala khansa, chifukwa tebuloli silitiuza zimenezo. OR ikakhala 1 ndiye kuti palibe mgwirizano pakati pa chinthucho ndi matenda. Ikaposa 1, chinthucho chimapezeka kwambiri mwa odwala. Ikachepera 1, chimapezeka kwambiri mwa amene sakudwala.

Nanga tingagwiritse ntchito OR ngati RR? Inde, koma pokhapokha matendawo akhale osowa pakati pa anthu, monga anaonetsera Jerome Cornfield m'chaka cha 1951. Matenda akakhala osowa, odzi ndi chiopsezo zimayandikana kwambiri, chifukwa 1/1,000 ndi 1/999 sizisiyana kwenikweni. Khansa ya m'mapapo imagwira anthu ochepa pa nthawi imodzi, choncho tikhoza kunena kuti RR ili pafupi ndi 14. Matenda akakhala ofala zinthu zimasintha. Tiyerekeze kuti pa phwando anthu 100 anadya nyama ndipo 60 anatsegula m'mimba, pomwe mwa 100 amene sanadye anadwala ndi 20. Pano tikudziwa onse amene anali paphwandopo, choncho RR ndi yololedwa: 0.6 kugawa ndi 0.2, yankho 3. Koma OR ndi 60 × 80 kugawa ndi 40 × 20, yankho 6. Tikanati chiopsezo chakula nthawi 6 tikanakokomeza kawiri.

Ngakhale OR yowerengera bwino ili ndi malire, ndipo mafunso ambiri amapereka malikisi pa mfundo imeneyi. Taonani bokosi lija la makesi osasuta, muli anthu awiri okha. Akanakhala anayi, makesi osuta n'kukhala 645, OR ikanatsika kufika pa 7. Bokosi la anthu ochepa chonchi limatichenjeza kuti mgwirizano ulipo wamphamvu ndithu, koma kukula kwake kwenikweni sikunakhazikike. Komanso makontirolo anali odwala a m'chipatala, ndipo fodya amayambitsa matenda enanso, monga a mtima ndi a m'chifuwa. Ngati osuta achuluka pakati pa makontirolo kuposa mmene alili kunja, OR imatuluka yochepa kuposa yeniyeni.

Doll ndi Hill sanaimire pomwepo. M'chaka cha 1951 anayamba kutsatira madokotala a ku Britain oposa 30,000, atawafunsa kaye za fodya, n'kumadikira kuona amene adzamwalire ndi matenda ati. Kafukufuku wotere amatchedwa kohoti, ndipo m'menemo chiopsezo chimawerengeka mwachindunji chifukwa magulu anasankhidwa matenda asanaoneke.

Choncho tisanagwire cholembera tiziyamba ndi funso limodzi: kodi anthuwa anawasankha bwanji? Ngati anayamba ndi odwala n'kuwapezera owayerekezera nawo, tiwerengere OR, ndipo tiitchule kuti ili pafupi ndi RR pokhapokha matendawo ali osowa. Ngati anayamba ndi osuta ndi osasuta n'kuwatsatira kutsogolo, tiwerengere RR. Kuti muyese ngati mwamva, tengani makesi 40 mwa 50 ndi makontirolo 25 mwa 50 amene anamwa madzi a pachitsime china. Mukapeza OR ya 4, ndiye kuti mabokosi anu mwawayala bwino.