Kubereka mwana kumbuyo

Kubereka mwana kumbuyo ndi njira yonyamulira mwana pamsana pomumanga ndi nsalu. Ku Chileka ndi ku Lirangwe, m'boma la Blantyre, amayi amabereka ana popita kumunda, kumjigo, kumsika ndi kusikelo. Nsalu yoberekera imatchedwa mbereko. Kale mbereko inkakhala ya chikopa, koma masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito chitenje chotalika pafupifupi mamita awiri. Kuberekako kumakhala koyenera ngati mwana akupuma momasuka ndiponso ngati ntchafu zake zagwiridwa bwino ndi nsalu.

Kamangidwe kake

Woberekayo amawerama n'kuika mwana chafufumimba pamsana, miyendo itatangadza m'mbali. Kenako amayala chitenje pamsana pa mwanayo. Mphepete ya m'mwamba amaidutsitsa m'khwapa n'kuimanga pamwamba pa mabere. Mphepete ya m'munsi amaikokera pansi pa matako a mwana n'kuimanga kutsogolo. Ena amadutsitsa nsonga imodzi paphewa, ina m'khwapa, kuti asavutike kumukokera mwana kutsogolo pomuyamwitsa.

Kupuma kwa mwana

Khanda limakhala ndi mutu wolemera, pamene khosi lake limakhwima pakati pa miyezi inayi ndi isanu ndi umodzi. Nthawi imeneyi isanakwane, mutu ukhoza kugwera kutsogolo mpaka chibwano kugunda pachifuwa. Zikatero njira ya mpweya imapindika, ndipo mwana akhoza kubanika popanda kulira. Nthawi zambiri izi zimachitika chitenje chikakhwepa, mwana n'kutsetserekera m'munsi atapindika msana.

Pofuna kupewa zimenezi, mwana amakhala m'mwamba, mutu utayandikira khosi la womubereka, ndipo nsalu imakungika moti sasuntha mayi akawerama. Mutu umayang'ana kumbali kuti mphuno ndi pakamwa zisatsekedwe ndi msana. Pakati pa chibwano ndi chifuwa pamatsala mpata woti chala chilowe. Kwa khanda, nsalu imafika m'khosi kuti ichirikize mutu, koma siphimba nkhope.

Mwachitsanzo, mayi wa ku Lirangwe akupita kusikelo ndi mwana wa miyezi iwiri m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mwana akagona panjira, thupi limalefuka ndipo mutu umagwa, choncho mayiyo amaima, kuwerama, kumukweza m'mwamba n'kumanganso. Poteteza dzuwa, ambulera imaposa nsalu yachiwiri yofunditsa mutu, chifukwa nsaluyo imasunga kutentha ndiponso imabisa nkhope. Akakwera minibasi, amamutsitsa mwanayo n'kumufungatira, popeza kutsamira mpando kungamupanikize. Mwana akamapuma mofofoza kapena mobuula, milomo ikasintha mtundu, kapena akakhala lobodoka osadzuka, ayenera kumasulidwa nthawi yomweyo n'kuthamangira naye kuchipatala.

Ana obadwa masiku asanakwane ndi obadwa ochepa thupi amanyamulidwa kutsogolo osati kumbuyo, khungu la mwana litakhudzana ndi la mayi. Njira imeneyi, yotchedwa kangaru, inayamba ku Bogota m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo ku Malawi inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Chiuno ndi ntchafu

Mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira ndipo umalowa m'kabowo ka fupa la m'chiuno. Mwana akamabadwa, kabowoka kamakhala kosazama ndi kofewa. Kamazama bwino ngati ntchafu zili zotangadza, mawondo atapindika ndi kukwera pang'ono kuposa matako, monga mmene chule amakhalira. Miyendo ikamangidwa moongoka ndi mophatikizana kwa nthawi yaitali, fupalo likhoza kuguluka, ndipo mwana amadzatsimphina akayamba kuyenda.

Pobereka, nsalu imayenera kuyalidwa kuyambira kuseri kwa bondo limodzi mpaka kuseri kwa linalo. Ikangogwira matako okha, miyendo imalendewera. Mapazi akatupa kapena kuzizira, ndiye kuti mphepete ya nsalu yafinya kwambiri.

Mu 2015, madokotala a chipatala cha Beit CURE ku Blantyre anafalitsa zimene anapeza atafufuza mbiri ya ana oposa 40,000 amene anathandizidwa kumeneko pa zaka khumi. Pa ana onsewo panalibe khanda limene linabwera ndi vuto la kuguluka kwa chiunoku. Iwo anaganiza kuti kubereka kumbuyo ndi kumene kumateteza, ngakhale kuti chibadwa cha makolo chingakhalenso ndi mbali yake. Komabe kubereka sikuchiza chiuno choguluka kale. Mwendo umodzi ukamaoneka waufupi, kapena ntchafu imodzi ikamakana kutangadza posambitsa mwana, makolo ayenera kudziwitsa anamwino akapita kusikelo.