Adiresi ndi imodzi, maseva ndi ambiri: amasankha ndani kokakuthandizani?

Mukalemba adiresi ya webusayiti pafoni yanu, zimaoneka ngati mukulankhula ndi kompyuta imodzi imene ili kwinakwake. Pa mawebusayiti ang'onoang'ono zimakhaladi choncho. Koma pa webusayiti imene imalandira anthu ambiri nthawi imodzi, monga ya banki, ya nyuzipepala kapena yolembetsera maphunziro, kuseri kwa adiresiyo kumakhala makompyuta angapo otchedwa maseva, onse okhala ndi pulogalamu yofanana. Inu simusankha seva yoti ikuthandizeni, ndipo simudziwa n'komwe kuti alipo angati. Imasankha ndi pulogalamu ina imene imakhala kutsogolo kwa onsewo.

Pulogalamu imeneyi ili ngati kalaliki wa pawindo la ofesi. Mumamupatsa pepala lanu, iye n'kupita nalo mkati, n'kupereka kwa mmodzi mwa ogwira ntchito kumeneko, kenako n'kubwera ndi yankho pawindo lomwelo. Mkatimo inu simulowamo. Ntchito yolandira pempho m'malo mwa maseva ndi kubweza yankho ndi ya chimene akatswiri amachitcha rivesi pulokisi. Ntchito yosankha seva yoti ipatsidwe pempholo ndi ya lodi balansa. Ndi ntchito ziwiri, koma kawirikawiri pulogalamu imodzi imagwira zonse. Odziwika kwambiri ndi nginx, imene Igor Sysoev wa ku Russia anaitulutsa mu 2004, ndi HAProxy, yolembedwa ndi Willy Tarreau wa ku France. Onse awiri amapezeka kwaulere.

Tiyerekeze kuti sukulu ina ya ukachenjede yatsegula kulembetsa pa intaneti ndipo ili ndi maseva atatu. Mu nginx woyang'anira makompyuta angalembe motere:

```
upstream maseva {
    server 10.0.0.11:8080;
    server 10.0.0.12:8080;
    server 10.0.0.13:8080;
}
```

Kenako pamalo polandirira mapempho amaika `proxy_pass http://maseva;`. Manambala oyamba ndi 10 amenewa ndi maadiresi a mkati, munthu wakunja sangawafike. Apa pali kale phindu lina: maseva enieni abisika, ndipo khomo loti litetezedwe ndi limodzi lokha. Satifiketi ya chitetezo, imene imachititsa kuti adiresi iyambe ndi `https`, nayonso kawirikawiri imaikidwa pakhomo pomwepo.

Woyang'anira akapanda kunena china, nginx imagawa mosinthana: pempho loyamba ku seva yoyamba, lachiwiri ku yachiwiri, lachitatu ku yachitatu, lachinayi kubwereranso ku yoyamba. Njirayi imaoneka yachilungamo, ndipo imagwira bwino ntchito ngati mapempho onse ali olemera mofanana. Vuto n'lakuti sakhala ofanana. Wina akungotsegula tsamba loyamba, zimene zimatha sekondi isanakwane. Wina akutumiza chithunzi cha satifiketi yake pa netiweki yofooka. Wina wapempha kuti seva imukonzere kalata yosindikiza, ntchito yotenga masekondi khumi. Zikangochitika kuti mapempho olemera angapo agwera seva imodzi motsatizana, kugawa mosinthana sikuona zimenezo. Kumangopitiriza kuithira ntchito seva yolemedwa kale pamene inzake ili phee.

N'chifukwa chake ambiri amawonjezera mzere umodzi, `least_conn;`, umene umauza nginx kuti pempho latsopano lipite ku seva imene pa nthawiyo ili ndi anthu ochepa oyembekeza yankho. Ngati seva imodzi ndi yamphamvu kuposa zinzake, amailembera `weight=2` kuti izilandira mapempho awiri pamene zinazo zikulandira limodzi.

Komabe, m'kuona kwanga, kugawa ndi mbali yosavuta ya ntchitoyi. Chovuta ndi kudziwa kuti seva ina yafa, ndi kudziwa msanga.

nginx yaulere imadziwira pa mapempho a anthu enieni. Ikatumiza pempho ku seva yachiwiri n'kulephera kulumikizana nayo, imayesa seva ina, ndipo yolepherayo imaipumitsa kaye masekondi 10 isanaiyesenso. Manambala amenewa amasinthidwa ndi `max_fails` ndi `fail_timeout`. HAProxy yokha mungaiuze kuti izifunsa yokha osadikira kuti munthu akhumudwe kaye. Mukalemba `check` pa mzere wa seva, imagogoda pa sevayo masekondi awiri alionse. Ikalephera katatu motsatizana imaichotsa pagulu, ndipo imaibwezera ikayankha bwino kawiri motsatizana. Kutanthauza kuti seva ikazima, pamapita masekondi pafupifupi sikisi isanachotsedwe. Wina angafunse kuti bwanji osaichotsa ikangolephera kamodzi. Chifukwa chake n'chakuti seva yotanganidwa imatha kuchedwa kuyankha kamodzi ili bwinobwino, ndipo kuichotsa pa nthawi imeneyo n'kuwonjezera katundu pa zinzake popanda chifukwa.

Kagogodedwe kake nakonso kali ndi msampha. Ikapanda kuuzidwa zambiri, HAProxy imangoona ngati seva ikuvomera kulumikizana. Koma seva ikhoza kuvomera kulumikizana pamene pulogalamu ya mkati mwake yasokonekera ndipo ikubweza zolakwika kwa aliyense. Choipa kwambiri n'chakuti seva yotere imayankha mofulumira, poti palibe ntchito imene ikugwira, ndiye njira yosankha seva ya anthu ochepa imaiona ngati yomasuka n'kumaitumizira anthu ochuluka. Odziwa ntchito amakonza katsamba kapadera, mwachitsanzo `/health`, kamene kamayankha `200` pokhapokha pulogalamu ikuyendadi, ndipo amauza lodi balansa kuti izifunsa katsamba kameneko.

Tibwerere kusukulu kuja, tiwerengere. Tinene kuti seva iliyonse imakwanitsa mapempho 100 pa sekondi, ndipo tsiku lotsekera kulembetsa akubwera mapempho 240 pa sekondi. Maseva atatu ali moyo, iliyonse ikulandira 80, zonse zili bwino. Seva imodzi ikazima, lodi balansa ichita ntchito yake molondola, igawa 240 aja ku maseva awiri otsala, 120 iliyonse. Apa zapitirira mphamvu zawo. Mzere wa oyembekeza uyamba kutalika, mayankho ayamba kuchedwa, anthu ayamba kudina mobwerezabwereza, ndipo 240 aja akwera. Posakhalitsa seva yachiwiri ilephera kuyankha kugogoda kuja pa nthawi yake, nayonso ichotsedwa, katundu yense agwera imodzi. Webusayiti yagwa, ngakhale kompyuta imene inawonongekadi ndi imodzi yokha. Pakanakhala maseva anayi, atatu otsala akanalandira 80 iliyonse ndipo palibe akanadziwa kuti kwachitika kanthu. Choncho funso loyenera pogula maseva si lakuti angati akukwanira lero, koma angati akwanire imodzi itazima pa ola lotanganidwa kwambiri.

Pali vuto lina limene anthu wamba amakumana nalo osadziwa gwero lake. Mwalowa ndi dzina ndi pasiwedi, mwadzaza theka la fomu, mwadina kuti mupitirire, mwadzidzidzi tsamba likukufunsaninso pasiwedi. Chimodzi mwa zoyambitsa zake n'chakuti seva yoyamba ndi imene inasunga m'kati mwake kuti mwalowa, koma pempho lanu lotsatira lapita ku seva yachitatu, imene sikukudziwani.

Njira yachangu yothetsera izi ndi kumangirira munthu ku seva imodzi. nginx ili ndi `ip_hash`, imene imasankha seva potengera adiresi ya IP ya mlendo, makamaka zigawo zitatu zoyambirira za nambalayo. Kwa anthu olowa pa intaneti ndi foni, monga ambiri a ife, njirayi ndi yopunduka. Makampani a mafoni amatulutsira makasitomala ambirimbiri pa maadiresi ochepa, ndiye khamu lonselo likhoza kuunjikana pa seva imodzi. Komanso mukachoka pa waifai n'kuyatsa deta ya foni, adiresi yanu imasintha, ndipo mukhoza kupezeka pa seva ina. Njira yabwinoko ndi kuki, kachizindikiro kakang'ono kamene lodi balansa imasiya mu bulawuza yanu kosonyeza seva yanu. Koma seva imeneyo ikazima, zonse zimene inasunga zapita nayo. Mankhwala enieni ndi kuchotsa chikumbukirocho m'maseva n'kuchiika pamalo amodzi pamene onse amawerenga, monga mu Redis kapena mu detabesi. Zikatero seva iliyonse ikhoza kuthandiza munthu aliyense, ndipo woyang'anira akhoza kuzimitsa imodzi masana kuti aikonze popanda wodandaula.

Lodi balansa nayo ndi kompyuta, imatha kuzima. N'chifukwa chake malo osamala amaika ziwiri zogawana adiresi imodzi, kudzera mu pulogalamu monga keepalived, kuti ina ikafa inzake itenge adiresiyo m'masekondi ochepa. Ndipo pali chimene lodi balansa singathe n'komwe: ngati maseva onse akudikira detabesi imodzi yochedwa, kuwonjezera maseva kumangochulukitsa odikira.

Zinthu zikavuta, rivesi pulokisi ndi imene imakuuzani, ndipo nambala imene imaoneka pa sikilini ili ndi tanthauzo. `502 Bad Gateway` ikutanthauza kuti pulokisi inayesa seva ya kuseri koma inakanidwa kapena inalandira yankho losamveka. Kawirikawiri pulogalamu yagwa kapena ikuyambanso. `503 Service Unavailable` ndi imene HAProxy imabweza ikaona kuti palibe seva yamoyo yotsala, ndipo mawebusayiti ena amaionetsanso akatsekedwa dala kuti akonzedwe. `504 Gateway Timeout` ikutanthauza kuti pulokisi inadikira mpaka kutopa. Mu nginx nthawi yodikirayi ndi masekondi 60 ngati sinasinthidwe, ndiye tsamba likamazungulira mphindi yathunthu kenako n'kutulutsa 504, dziwani kuti kuseriko china chake chatsamwa. Manambala atatu onsewa akusonyeza kuti foni yanu ndi netiweki yanu zagwira ntchito, pempho linafika pakhomo. Kugula bandulo ina sikuthandiza.

Nambala yofunika kuisamala ndi 504. Pulokisi ikasiya kudikira, sizitanthauza kuti seva yasiya ntchito. Mwina inalandira pempho lanu, inachedwa chabe, ndipo yamaliza inu mutaona kale uthenga wolephera. Pa chifukwa chomwechi nginx, ikapanda kulamulidwa mwapadera, sibwereza ku seva ina pempho lotumiza fomu limene linafika kale pa seva yoyamba, kuopa kuti chinthu chimodzi chingachitike kawiri. Inunso chitani chimodzimodzi. Mukaona 504 mutangodina batani lolipira kapena lotumiza fomu, musadinenso nthawi yomweyo. Dikirani mphindi zingapo, onani uthenga wa pafoni kapena ndalama zotsala mu akaunti yanu, ndipo mubwereze pokhapokha mutatsimikiza kuti zoyambazo sizinadutse.