Chakudya Chikamatentha, Intaneti Ikuima

M'nyumba zina intaneti imathamanga bwino tsiku lonse, koma wina akangoika ndiwo mu maikulowevu kuti zitenthe, vidiyo pafoni imaima. Chakudya chikatentha, imayambiranso. Ambiri amafulumira kuloza chala kampani ya netiweki, chonsecho vuto lili kukhitchini.

Nkhani yagona pa mafunde a wailesi. Rauta imalankhula ndi foni kudzera m'mafunde a 2.4 GHz, pomwe maikulowevu imatenthetsa chakudya ndi mafunde a 2.45 GHz, omwe ali m'chigawo chomwecho. Kusiyana kwake ndi mphamvu. Maikulowevu imatulutsa mawati pakati pa 700 ndi 1,000, koma rauta sifika ngakhale pa wati imodzi. Bokosi lachitsulo ndi kasefa ka pachitseko zimatsekera mafundewo mkati, komabe pang'ono amadontha. Kudonthako n'kochepa moti sikuvulaza munthu, koma kwa rauta kuli ngati kunong'ona pafupi ndi chigayo. Wayifayi imayamba yamvetsera isanatumize uthenga, ndiye ikamva phokoso imadikira, ndipo uthenga womwe waonongeka panjira imautumizanso. N'chifukwa chake foni imaonetsa kuti siginolo yadzaza pomwe palibe chikutseguka.

Kuti mutsimikize, yang'anani nthawi. Tsegulani vidiyo pamalo pomwe mumakhala, ikani kapu ya madzi mu maikulowevu, muyatse kwa mphindi ziwiri. Ngati vidiyo ikudodoma nthawi yomweyo n'kuchira makinawo akazima, wolakwa mwamupeza.

Foni zam'nyumba zopanda chingwe zimasokoneza makamaka munthu akamalankhulapo, koma si zonse. Zolembedwa 2.4 GHz kunsi kwake ndizo zimavuta. Zolembedwa DECT zimayenda pa mafunde a kufupi ndi 1.9 GHz, ndipo siziyambana ndi wayifayi.

Chovuta kuchigwira ndi kachipangizo koyang'anira khanda lili m'chipinda china. Tambiri ta kamera timatumiza zithunzi pa 2.4 GHz mosalekeza, uku tikudumphadumpha m'chigawo chonsecho, kotero intaneti imangokhala yaulesi usiku wonse popanda nthawi yeniyeni yoti muikayikire. Kazimitseni kwa kanthawi masana, muone kusintha kwake.

Musanagule chilichonse, sunthani rauta. Ichoke pamwamba pa fuliji, ikhale pamalo okwera, mamita atatu kapena kuposerapo kutali ndi maikulowevu, ndiponso khitchini isakhale pakati pa rauta ndi pomwe mumakhala. Phokoso la maikulowevu limakula kwambiri chakumtunda kwa chigawochi, choncho mu zosintha za rauta, pomwe palembedwa `Channel`, sankhani 1 m'malo mwa 11. Njira imeneyi sithandiza kwenikweni pa kachipangizo ka khanda kodumphadumpha kaja.

Ngati rauta yanu ili ndi 5 GHz, lumikizani foni ndi kompyuta kumeneko, chifukwa maikulowevu safikako. Mungodziwa kuti mafunde amenewa amafooka msanga akamadutsa makoma a njerwa, ndiye chipinda chakutali chingafunebe 2.4 GHz.